Chidziwitso cha kolera: yambani ndi chimene munthu achite

"Abale, kuofesi andipatsa chidziwitso cha boma chokhudza kolera kuti ndichiike m'Chichewa, chikawerengedwe m'matchalitchi, m'mizikiti ndi kwa mafumu. Ndamasulira mzere ndi mzere koma sichikumveka. Nditani?"

Achemwali, vuto lagona pa mzere ndi mzerepo. Kalata za boma zimayamba ndi dzina la unduna, kenako mbiri ya mliri, ndipo chimene munthu ayenera kuchita chimabwera kumapeto. Koma yanuyi anthu akaimva kamodzi kokha, m'nthawi ya zolengeza, ana akulira. Ndiye itembenuzeni. Tchulani mwachidule amene akulengeza, nthawi yomweyo nenani amene akukhudzidwa, chimene achite, liti ndiponso kuti. Mbiriyo ipite kumunsi. Mfundo, masiku ndi manambala zokha ndi zimene simuyenera kusintha.

Tiyerekeze kuti kumasulira kwanu kwatuluka chonchi: "Anthu onse akulangizidwa kugwiritsa ntchito madzi otetezedwa ndi kupeza thandizo lachipatala mwamsanga pamene zizindikiro zaoneka." Chichewa chake n'cholondola, koma mayi amene wangobwera ndi ndowa kuchokera kuchitsime sanauzidwe kanthu. Madziwo awateteza bwanji? Zizindikirozo ndi ziti? Ine ndingalembe motere:

"Madzi akumwa muziwawiritsa mpaka abwate, kapena muzithiramo klorini n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, chimbudzi chake chili chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, m'patseni Thanzi nthawi yomweyo ndipo pitani naye kuchipatala. Musadikire kuti kuche. Apitirize kumwa Thanzi muli m'njira."

Mwaona kuti ndalankhula ndi "inu", ndipo chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yogwirika. Zowonjezerazo musazitenge m'mutu mwanu. Pitani kwa amene analemba kalatayo kapena kwa a zaumoyo a paboma, akuuzeni zimene ankatanthauza, ndipo akasainire Chichewa chanucho chisanatuluke.

Pa miyezo mpamene ndimachita mantha kwambiri. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi abwino. Si onse ali ndi chikho choyezera, choncho onjezerani kuti ndi mabotolo awiri a theka la lita. Madzi akachepa mchere umachuluka, ndipo zimenezi n'zoopsa makamaka kwa mwana. M'malo mongoti "maola 24", nenani kuti otsala atayidwe ikakwana nthawi yomweyo mawa lake. Klorini ndiye muyezo wake umasiyana malinga ndi mphamvu yake. Wa m'botolo logula kugolosale ndi wosungunula amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi sathiridwa mofanana. Ngati kalatayo sinatchule mtundu ndi muyezo, funsani. Komanso musangolemba kuti "mankhwala", chifukwa wina akhoza kumwetsa wodwala. Lembani kuti ndi wothira m'madzi basi, ndipo asungidwe patali ndi ana.

Chenjeraninso ndi malo. Mu Januwale 2023, mliri utakula, boma linachedwetsa kutsegulira sukulu zapulaimale ndi zasekondale m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Mukanangolemba kuti "ku Lilongwe", kholo la ku Mitundu kapena ku Nathenje likanaganiza kuti mwana wake nayenso akhale pakhomo. Mzinda wa Lilongwe ndi boma la Lilongwe n'zosiyana. Ndipo poti "boma" limatanthauza olamulira dziko, dera la bwanamkubwa, komanso tauni imene kuli maofesi, mawu oti "pitani kuboma" satumiza munthu pakhomo lenileni. Tchulani dzina la chipatala kapena msasa wa odwala kolera wa m'dera lanulo.

Kulemera kwa mawu nakonso kusasinthe. Ngati khonsolo yaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misika, lembani kuti "n'zoletsedwa", osati "tikupempha". Ulemu wathu umatikoka kuti tifewetse, koma mayi wa mandasi akamva ngati pempho chabe, mawa alandidwa beseni lake asakudziwa kuti walakwa. Ngati ndi langizo lokha, musaliike ngati lamulo. Tsiku loyambira likhale ndi dzina lake, monga Lolemba, pamodzi ndi deti ndi mwezi, popeza "kuyambira lero" imasokoneza pepala likawerengedwa patapita sabata.

Mukamaliza, pezani anthu awiri kapena atatu amene sanaone kalata yachingerezi ija, monga mlonda wa paofesi kapena mayi wogulitsa tomato. Awerengereni mokweza kamodzi. Musawafunse kuti "mwamva?", chifukwa adzavomera mwaulemu. Afunseni kuti, "Mwana akayamba kutsegula m'mimba usiku uno mutani? Thanzi musungunula m'madzi ochuluka bwanji?" Pamene ayankhe mosiyana ndi zimene munafuna, chiganizo chimenecho mukachilembenso. Ngati kwanuko ambiri amalankhula Chiyao kapena Chisena, auzeni akuofesi msanga kuti pafunikanso wina womasulira m'zilankhulo zimenezo.