Kukonza masilayidi kuti wosaona ndi wosasiyanitsa mitundu atsatire

"Anzanga, ndili ndi masilayidi 20 a PowerPoint oti ndikaonetse kumsonkhano, ndipo fayilo yake itumizidwa kwa onse. Mmodzi mwa iwo saona, amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera za pakompyuta. Winanso wandiuza kuti sasiyanitsa zofiira ndi zobiriwira. Ndadina Check Accessibility, yandipatsa machenjezo ambirimbiri. Ndiyambire pati?"

Machenjezowo muyambe mwawasiya kaye. Sankhani silayidi imodzi yokha, ija yodzaza kwambiri, muikonze mpaka itheretu. Mukatha imeneyo zinazo ziyenda msanga, chifukwa zolakwika zake zimakhala zomwezomwezo.

Tiyerekeze kuti silayidiyo ili chonchi: pamwamba pali mutu, pakati pali galafu ya mizere iwiri, wofiira ndi wobiriwira, yoonetsa chiwerengero cha anthu obwera kumaphunziro m'magulu awiri kuyambira Januwale mpaka Epulo. Pambali pali bokosi la mawu lonena zimene mwapeza, kamuvi koloza pamene mizere ikudutsana, ndi chizindikiro cha bungwe pakona. Woona amazitenga zonsezi kamodzin'kamodzi. Wosaona amazilandira chimodzichimodzi ngati anthu olowa pakhomo lopapatiza, ndipo pulogalamu yake, kaya ndi NVDA, JAWS kapena VoiceOver, siyang'ana kuti chili pamwamba n'chiti. Imatsata dongosolo limene zinthuzo zinasanjikizana m'fayilo, ndipo kawirikawiri limenelo ndi dongosolo limene inuyo munaziikira. Ngati munayamba ndi bokosi la mawu, galafu n'kubwera pambuyo, mutu n'kuukumbukira kumapeto, mnzanuyo amva zimene mwapeza asanadziwe n'komwe kuti nkhani yake ndi yotani.

Zinandichitikirapo ine. Ndinatumiza fayilo imene ndinkaiona kuti ndi yaudongo, mnzanga wosaona n'kundifunsa chifukwa chake silayidi iliyonse imathera ndi mutu wake. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa iye anamvetsera zonsezo moleza mtima, akuyesa kulumikiza yekha zimene ine ndinamwaza. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi dongosolo lowerengera ndisanakhudze china chilichonse.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Dinani pamalo opanda kanthu m'mbali mwa silayidi, kenako muzikanikiza batani la Tab. Nthawi iliyonse chinthu chimodzi chizisankhidwa, ndipo mmene zikutsatirana ndi mmenenso mnzanuyo azimvera. Zikamadumphadumpha, tsegulani Reading Order Pane, imene m'PowerPoint yatsopano imapezeka pa Review, pansi pa kamuvi ka Check Accessibility. Mndandanda wake umawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika, ndipo mumangokoka chinthu n'kuchiika pamene mukufuna. Pa silayidi yathuyi ndingaike mutu poyamba, kenako galafu, kenako bokosi la zimene mwapeza. Ngati PowerPoint yanu ndi yakale ndipo mulibe zimenezi, kanikizani Alt+F10 kuti mutsegule Selection Pane. Koma apa ndi pamene ambiri amagwa: mndandanda wa Selection Pane umawerengedwa kuchokera pansi kukwera. Mutu uyenera kukhala pansi penipeni. Munthu akaukweza pamwamba poganiza kuti akukonza, ndiye kuti wausandutsa womaliza.

Chinanso choti muchenjere nacho n'chakuti dongosolo lowerengerali ndi lomwelo limene limanena kuti chinthu chiti chikuphimba chinzake. Mukasuntha galafu, mukhoza kupeza kuti kamuvi kaja kabisika kuseri kwake. Choncho mukasuntha chilichonse, yang'ananinso silayidi.

Za mutu ndionjezeko pang'ono. Mutu uyenera kulembedwa m'bokosi lake lenileni, lija lolembedwa kuti Click to add title, osati m'bokosi wamba la mawu limene mwangokulitsa zilembo zake. M'maso zimafanana, koma pulogalamu yowerenga imazindikira loyambalo lokha kuti ndi mutu, ndipo mitu ndi imene wosaona amayendera pofunafuna silayidi. Pitani pa View, musankhe Outline View: silayidi imene ikuoneka yopanda dzina kumanzereko ilibe mutu weniweni. Mitu isabwerezedwenso. Masilayidi atatu olembedwa "Zotsatira" onse samuthandiza kudziwa pamene ali.

Tsopano galafu ija. Dinani kumanja pa mawusi, musankhe View Alt Text, kapena Edit Alt Text pa PowerPoint zina. Mubokosi limene lituluke, momwe mumalemba mawu amene pulogalamu yowerenga izinena m'malo mwa chithunzicho, anthu ambiri amalemba kuti "galafu", kapena "galafu ya mizere yofiira ndi yobiriwira". Chenjezo limachoka ndithu, chifukwa Check Accessibility sidziwa ngati zimene mwalembazo zikuthandiza munthu. Koma mnzanuyo sanamvepo kanthu. Ine ndimadzifunsa kuti, magetsi atathima ndili pakati polankhula, chithunzichi n'kusowa, ndinganene chiyani m'malo mwake? Yankho lake ndi limene ndimalemba. Pa galafu yathu, manambala ake ongoyerekezawa, zingamveke motere: "Galafu ya mizere. Obwera m'gulu A anakwera kuchoka pa 20 mu Januwale kufika pa 45 mu Epulo. M'gulu B anatsika kuchoka pa 40 kufika pa 25. Mizere ikudutsana mu Malichi." Taonani kuti mitundu sindinaitchule, chifukwa si imene munaikira galafuyo. Musayambenso ndi mawu akuti "chithunzi cha", pakuti pulogalamu imanena yokha kuti apa pali chithunzi. Kutchula kuti ndi galafu ya mizere n'kwabwino, poti kumamuuza womvera mtundu wa zimene zikubwera.

Ziganizo ziwiri kapena zitatu zikwana. Ngati manambala onse ndi ofunika, musawapanikize m'bokosi limeneli. Ikani tebulo lenileni pa silayidi yotsatira, lopangidwa ndi Insert kenako Table, lokhala ndi mzere wa mitu, osati chithunzi chojambula tebulo. Mawu alionse amene ali m'kati mwa chithunzi pulogalamu yowerenga siwaona.

Kamuvi kaja ndi zokongoletsa zina musazilembere kanthu. Chongani pa Mark as decorative kuti zidumphidwe, popeza za kudutsana kwa mizere mwanena kale m'mawu. Chizindikiro cha bungwe chifotokozedwe kamodzi pa silayidi yoyamba. Kumva dzina lomwelo maulendo 20 n'kotopetsa, ndiye m'masilayidi enawo muchichonge kuti n'chokongoletsa, kapena muchiike mu Slide Master, silayidi imene masilayidi onse amatengerako maonekedwe. Ndipo ngati muli ndi chojambula chopangidwa ndi timabokosi ndi timivi tambirimbiri, tisankheni tonse, mukanikize Ctrl+G kuti tikhale gulu limodzi, n'kulemba kufotokoza kumodzi konena kuti chikuyambira pati, chikupita kuti.

Tibwere kwa mnzanu wachiwiri uja. Vuto lake si lachilendo: chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi mwamuna mmodzi mwa 12 alionse ndi mkazi mmodzi mwa 200, ndipo ambiri mwa iwo ndi zofiira ndi zobiriwira zimene zimawasokoneza. Iyeyu wachita bwino kukuuzani, koma m'chipindamo mukhoza kukhala wina amene sanganene. Kwa iwo mizere iwiri ija imaoneka ngati ya mtundu umodzi wotuwira, makamaka ngati kuwala kwake n'kofanana. Ndiye akayang'ana kabokosi kakumbali konena kuti wofiira ndi gulu A, wobiriwira ndi gulu B, palibe chimene kakuwathandiza.

Mankhwala ake enieni si kusintha mitundu kokha, koma kuonetsetsa kuti mtundu sukusenza tanthauzo wokha. Lembani "Gulu A" ndi "Gulu B" kumapeto kwa mzere uliwonse, pa galafu pomwepo. Mzere umodzi ukhale wathunthu, wina wodukaduka, kapena wina ukhale ndi timadontho tozungulira, wina timabokosi. Mukatero, ngakhale wosindikiza papepala ndi inki yakuda yokha atsatira. Chimodzimodzi matebulo aja amene timapaka zofiira pa zimene zachedwa ndi zobiriwira pa zimene zatha: lembanimo mawu akuti "yachedwa", "yatha".

Mukatha pamenepo sinthani mitundu. Buluu ndi olenji zimasiyanitsika bwino kwa ambiri a vutoli, ndipo ine ndimakonda buluu wa `#0072B2` ndi olenji wa `#E69F00`, chifukwa wina ndi woderako pamene winayo ndi wowala. Manambalawa mumawalemba pa More Colors, m'bokosi la Hex. Komabe olenji ameneyu musalembere mawu pamalo oyera. Malamulo a WCAG, onena mmene za pa intaneti zingakonzedwere kuti olumala azitha kuzigwiritsa ntchito, amafuna kuti kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo ndi malo amene zakhalapo kukhale 4.5:1 kapena kuposa, ndipo zilembo zazikulu, kuyambira 18 pt, kapena 14 pt ngati ndi zonenepa, zifike 3:1. Buluu ujayu pamalo oyera amapitirira 5:1, pamene olenji safika ngakhale 3:1. Ngakhale mtundu wofiira kwambiri wa `#FF0000` umathera pafupifupi 4:1, ndiye sukwanira pa zilembo zazing'ono. Pulogalamu yaulere ya Colour Contrast Analyser imakupimirani mukangoloza mitundu iwiriyo. Kunena zoona, ine ndimafuna kupitirira malirewo ndithu, chifukwa pulojekita m'chipinda chowala imafifiritsa zonse, ndipo zilembo zotuwa zimene zimaoneka bwino pa laputopu zimasowa pakhoma.

Poyesa mitundu, pitani pa View mudine Grayscale. Si mmene mnzanuyo amaonera ndendende, iye mitundu ina amaiona. Koma ngati mizere iwiri ikudziwikabe popanda mtundu uliwonse, ndiye kuti kwa iyenso idziwika.

Mukafika apa bwererani ku Check Accessibility. Mupeza kuti machenjezo ambiri atha okha, ndipo otsalawo muwamvetsa. Pa za dongosolo lowerengera imatha kukuuzani kuti muone silayidi yakutiyakuti, koma kuti dongosololo ndi lomveka kapena ayi, woweruza ndi inu. N'chifukwa chake ndikupempheni kuti mumvetsere nokha. Pa Windows kanikizani Ctrl+Windows+Enter kuti Narrator iyambe, ndipo mabatani omwewo ndi amene amaizimitsa. Tsinzinani, muyende ndi Tab pa masilayidi atatu okha. Katchulidwe kake ka Chichewa kakhala kokhota ngati liwu lake ndi la Chingelezi, koma dongosolo ndi zosowa muzimva. Ndi bwinonso kumutumizira mnzanu wosaonayo fayilo kukadali masiku angapo, mumufunse ngati akufuna ya PowerPoint kapena mtundu wina, popeza iye ndi amene akudziwa chimene pulogalamu yake imawerenga bwino.

Akafuna PDF, musadutsire ku Print, chifukwa njira imeneyo nthawi zambiri imataya kufotokoza kwa zithunzi ndi dongosolo lonse limene mwavutikira. Gwiritsani ntchito Save As, musankhe PDF, mulowe pa Options, muone kuti pa Document structure tags for accessibility pachongedwa. Ndipo tsiku la msonkhanolo, mukafika pa galafu ija, musanene kuti "monga mukuonera apa mzere wofiirawu". Nenani kuti gulu A lakwera kuchoka pa 20 kufika pa 45, ndipo linapitirira gulu B mu Malichi.