Foni ya pansi pa tebulo pa mayeso a CCNA

"Ndimakonza makompyuta ku Randburg, ku Joni, ndipo mwezi wamawa ndilemba mayeso a CCNA, satifiketi ya za manetiweki a makompyuta, pa intaneti ndili kunyumba ku Cosmo City. Mnzanga akuti ndibise foni pamiyendo, azinditumizira mayankho pa WhatsApp. Ndalama ya mayesoyi ndinachita kukongola, sindikufuna kulephera. Kodi angandigwire?"

Achimwene, musayerekeze. Ndikuuzeni mmene tsikulo limayendera. Musanayambe, pulogalamu ya OnVUE ya Pearson VUE, kampani yolembetsa mayesowa, imafuna mujambule nkhope yanu, pasipoti yanu ndi mbali zinayi za chipinda, kenako foni muiike kutali poti dzanja silifika. Kwa mphindi 120 kamera ndi maikolofoni zimakhala zikujambula, woyang'anira akukuonani. Maso akamangotsikira pamiyendo, kapena milomo ikamayenda ngati mukuwerengera wina funso, amakulemberani chenjezo, mwinanso kutseka mayeso pomwepo. Madola 300 amene munakongolawo sabwezedwa.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: anthu amaganiza kuti akaona "Pass" pasikirini ndiye kuti nkhani yatha. Ayi ndithu. Zotsatira za tsikulo n'zongoyembekezera. Pambuyo pake a Cisco, eni ake a mayesowa, amaunika mmene munayankhira: nthawi imene munatha pa funso lililonse, ndi ngati mayankho anu akufanana ndi a anthu ena.

Titenge funso lofuna kudziwa kuti makompyuta angati angalowe mu netiweki ya 192.168.10.0/26. Wodziwa amawerengetsa pang'ono: maadiresi 64, kuchotsapo awiri amene sapatsidwa kwa kompyuta, yankho 62. Woyembekezera foni amakhala duu mphindi zitatu pa funso lophweka ngati ili, kenako n'kuyankha lovuta kwambiri m'kuphethira kwa diso. Ndiye mnzanuyo mayankho awatenga kuti? Kawirikawiri ndi m'mafayilo a mafunso obedwa amene amagulitsidwa pa intaneti, ndipo mmenemo muli mayankho olakwika. Mukalakwitsa ndendende pamene alakwitsa ena onse ogula fayilo yomweyo, mwadziulula nokha popanda kamera.

Chilango sichithera pa mayeso amodzi. Pangano limene mumavomereza musanalembe limapatsa Cisco mphamvu yofafaniza zotsatira, kulanda masatifiketi amene muli nawo kale, ngakhale kukuletsani kulembanso mpaka kalekale. Ndinaona mnyamata wina wa kwathu, timapemphera limodzi, atandionetsa imelo yotere pafoni, dzanja likunjenjemera. Anali atayamba kale ntchito ku Midrand, ndipo abwana atafufuza satifiketi yake anapeza kuti kulibe. Amayi ake kumudzi anali atazolowera kale kulandira kangachepe mwezi uliwonse. Mpaka lero zimandipweteka.

Ngati simunakonzeke, sunthani tsiku nthawi ikadalipo. Onani malire ake mu imelo imene anakutumizirani mutalembetsa. Ndipo ngati chipinda mumagona angapo, kalembereni ku senta ya mayeso, chifukwa ngakhale mnzanu wongolowa kudzatenga chaja angakutayitseni mayeso.