Mbozi zalowa m'chimanga: yambani mwaziwerenga musanagule mankhwala

"Chaka chatha ndinapopera chimanga changa katatu koma ntchemberezandonda sizinathe. Alangizi akuti ndiziphatikiza njira zosiyanasiyana m'malo modalira mankhwala okha. Kodi ndiyambire pati?"

Yambirani pa tsiku lobzala. Bzalani munda wonse nthawi imodzi ndi mvula yoyamba yokwanira, chifukwa chimanga chobzalidwa mochedwa chimakhala chanthete pa nthawi yomwe agulugufe oikira mazira achuluka kale m'minda ya anzanu. Thirani feteleza kapena manyowa pa nthawi yake, palirani msanga, ndipo sakanizani chimanga ndi nandolo, khobwe kapena nyemba. Mbewu zimenezi zimasunga nyerere, mavu ndi tizilombo tina todya mbozi.

Gulugufe wa mboziyi amauluka usiku n'kuikira mazira pa tsamba, 100 mpaka 200 pamalo amodzi, atakutidwa ndi tiubweya totuwa. Kukamatentha amaswa pakangotha masiku awiri kapena atatu. Timbozi tating'ono timakanda tsamba n'kusiya timawanga toonekera kuwala, ndipo apa m'pamene timafa mosavuta. Mbozi ikakula imalowa mumtima mwa chimanga, momwe mumatulukira masamba atsopano, n'kudzitsekera ndi ndowe zake zooneka ngati utuchi. Mankhwala opopera pamwamba saifikira. Ikadya kwa milungu iwiri kapena itatu imatsikira m'nthaka kukasanduka gulugufe. Choncho ambiri amene amapopera ataona mabowo akuluakulu amakhala akupopera mbozi yobisala kapena yochoka kale, ndipo n'kutheka kuti ndi zomwe zinakuchitikirani.

N'chifukwa chake kuyendera munda ndiye ntchito yaikulu. Chimanga chikangomera, lowani m'munda kawiri pa sabata, m'mamawa. Siyani mizere ya m'mphepete, yendani mokhotakhota kudutsa munda wonse, muime malo asanu, ndipo pamalo aliwonse muyang'ane mapesi khumi otsatizana. Onse pamodzi ndi mapesi 50. Tembenuzani masamba, suzumirani mumtima. Werengani phesi lokhalo lomwe lili ndi mazira, mbozi yamoyo, timawanga tatsopano kapena ndowe zonyowa. Mabowo akale, okhala ndi m'mphepete mouma, musawawerenge. Kuti musasokoneze mboziyi ndi kapuchi, onani pamutu: ili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda topanga ngodya zinayi.

Tiyerekeze kuti chimanga chanu chili ndi masamba asanu ndipo Lolemba mwapeza mapesi 7 ogwidwa mwa 50 aja. Amenewo ndi 14 pa 100 aliwonse. Apa botolo la mankhwala lisatsegulidwe. Tswanyani mazira ndi zala, tolani mbozi n'kuzipha, ndipo mumtima mwa phesi lililonse logwidwa ikanimo dothi louma, mchenga kapena phulusa pang'ono, lotapa ndi zala zitatu. Phulusa likachuluka limawaula masamba anthete. Ena amathira msuzi wa usipa kapena madzi a shuga pofuna kuitana nyerere kuti zidye mbozi. Pamunda waung'ono zimenezi zimathandiza, koma pa maekala angapo ntchito yake ndi yotopetsa.

Mukabwerera Lachisanu n'kupeza mapesi 13, ndiye kuti mwafika 26 pa 100. Pa chimanga chosafika m'mawondo, malire ochitirapo kanthu ndi 20 pa 100, pamene chikamayandikira kumasula amakwera kufika 40, chifukwa chimanga chachikulu chimapirira kudyedwa masamba. Yambani ndi nimu: sinjani magalamu 50 a njere zouma pa lita imodzi ya madzi, viikani usiku wonse, sefani ndi nsalu, onjezani sopo pang'ono kuti amate pa tsamba, ndipo poperani madzulo. Nimu sapha mbozi pomwepo, amangoiletsa kudya ndi kukula, choncho mupatseni masiku atatu kapena anayi musanawerengenso. Ombwe nayenso amapha mbozi, koma amaphanso nsomba, ndiye m'madimba a m'mbali mwa mtsinje musamugwiritse ntchito.

Chiwerengero chikapanda kutsika, apo m'pofunika mankhwala ogula, monga emamekitini. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, m'botolo losatsegula, osati otapiridwa m'timabotolo topanda dzina pamsika. Onani mzere wa mtundu kumunsi kwa lebulo: wobiriwira ndi wabuluu ndi oopsa pang'ono, wachikasu ndi oopsa kuposa pamenepo, wofiira musaukhudze n'komwe. Tsatirani mlingo wolembedwa, valani magolovesi, nsapato ndi chotchinga kukamwa, ndipo lozetsani nozo mumtima mwa phesi lililonse dzuwa litapendeka, pamene mbozi zikutuluka kudzadya ndipo njuchi zachepa m'munda. Mukafuna kubwereza, funsani alangizi mankhwala a gulu lina, chifukwa kubwereza amodzimodzi kumasiya mbozi zosamva mankhwalawo zikuswana. Chimanga chikayamba kumasula ngayaye lekani kupopera, chifukwa mbozi yolowa m'chisononkho mankhwala saipeza, ndipo chimanga chachiwisi ana amakhala atayamba kuchiotcha posachedwa.