Mutu wafunsa, nanga yankho lili kuti?

"Ndimagulitsa anapiye ndi chakudya cha nkhuku ku Area 25. Mlamu wanga akuti ndimupatse K80,000 asinthe mitu yonse ya pa webusaiti yanga ikhale mafunso, ati Google izindiika m'kabokosi ka yankho kapamwamba kaja. Ndimupatse?" Mayi wa ku Area 25

Mayi, ndalamayo ibwezereni kaye pa mpango. Kabokosi kaja sikagulidwa, ndipo palibe fomu yofunsira malo. Google imasankha yokha, ndipo kawirikawiri imatapa m'nkhani zomwe zili kale pa tsamba loyamba la zotsatira. Ngati muli pa tsamba lachisanu, "Kodi" yekha sakukwezani.

Chimene chimapha anthu ambiri ndi ichi: mutu ukufunsa, koma m'munsi mwake ayamba ndi "Takulandirani, ife tinayamba bizinesi kalekale". Google ikufuna ndime yoti iidule n'kuionetsa payokha, ndiye idula chiyani pamenepo?

Tiyese ndi malonda anu omwe. Mutu ukhale: "Kodi nkhuku 100 zanyama zimadya matumba angati?" Chiganizo choyamba m'munsi mwake chiyankhe basi: nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kapena kuposerapo pang'ono m'masabata 6, choncho 100 zimafuna matumba 8 kapena 9 a makilogalamu 50. Ndime yonse ikhale ya mawu 40 mpaka 60, yomveka kwa munthu amene sanawerenge china chilichonse. Za mitengo ndi nambala ya foni zibwere pambuyo. Funso limodzi, nkhani imodzi. Mutu wa tsamba la mitengo musauvutitse, amene walemba "anapiye Lilongwe" akufuna shopu, sakufuna phunziro.

Tsono mafunsowo muwatenga kuti? Apa ndi pamene ndimapsera mtima. Makasitomala amakufunsani tsiku lililonse, pa kauntala ndi pa WhatsApp, koma kope lolembamo mulibe! Gulani kope, mulembe funso lililonse m'mawu awo enieni kwa mwezi umodzi. Kenako mafunso amene abwera kawirikawiri muwalembe mu Google m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mukaona kabokosi kapena mzere wa "People also ask", dziwani kuti malo alipo olimbirana. Mu Search Console, chida chaulere cha Google choonera mmene webusaiti yanu ikupezekera, pa "Performance" muona mawu amene anthu amakupezerani kale ndi nambala imene muli pa mndandanda wa zotsatira.

Tiwerengere mwachidule. Tinene kuti mumapindula K2,000 pa thumba. Ndalama ya alamuwo ifuna matumba 40 kuti ibwerere, ndipo ena akawerenga yankho m'kabokosi amangotseka foni osalowa n'komwe kwanu. Popanda kulembanso m'kope komwe kasitomala wakudziwirani, mudziwa bwanji kuti wagulayo wachokera ku Google osati kwa mnansi wake wa ku Kanengo?

Alamuwo ayambe ndi mafunso atatu a m'kopemo, muwalipire a atatuwo. Chibale chisalowe mu kabuku ka shopu. Pakatha miyezi iwiri mutsegule Search Console limodzi, ndipo zotsalazo mukambirane mutaona manambala.