£1,000 ija amawerenga zonse zolowa, osati phindu

"Abale, ndimagulitsa zitenje ndi mawigi pa Facebook ndi pa WhatsApp ndikaweruka ku ntchito kuno ku England. Ndi tindalama tochepa basi. Kodi a msonkho a HMRC zimawakhudza? Nanga ndizilemba chiyani?"

Achemwali, mawu akuti "tindalama tochepa" amenewo ndi amene anandigwetsa ine. Tsegulani akaunti yanu ya kubanki usiku uno, muwonkhetse zonse zimene makasitomala anakupatsani kuyambira pa 6 Epulo mpaka pa 5 Epulo chaka chotsatira, chifukwa chaka cha msonkho kuno chimayenda choncho. Muwonkhetse zonse, ndi zapamanja zomwe, musanachotsepo ngakhale ya positi. Ngati zadutsa £1,000, nkhani yakukhudzani kale. Ine ndinkaganiza kuti £1,000 imeneyo ndi phindu lotsala m'thumba. Ayi ndithu, ndi zolowa zonse. Mawigi khumi a £100 mwafikapo kale pamzere, ngakhale mutakhala kuti munawagula pa £80 iliyonse.

Ine ndinayamba ndi zitenje zisanu ndi chimodzi zimene ndinabwera nazo kuchokera kumudzi, anzanga a kuntchito n'kuzikonda. Kenako mng'ono wanga anayamba kundipikulira ku Limbe n'kumatumiza. Kenako mawigi. Kenako ndinatsegula akaunti pa pulatifomu ina yogulitsirapo kuti ndifikire anthu a kutali. Palibe tsiku limene ndinadzuka n'kunena kuti lero ndatsegula bizinesi, zinangokula ngati bowa. Koma a msonkho safunsa ngati muli ndi sitolo kapena chikwangwani. Amaona ngati mumagula katundu ndi cholinga choti mugulitse, ngati mumachita zimenezo mobwerezabwereza, ndiponso ngati mumaikapo mtengo woti mupindule. Kugulitsa majekete a ana anu amene awathina, kapena sofa yanu yakale, imeneyo si geni, ndi katundu wanu amene mukutaya motchipa. Koma chitenje chimene mwaitanitsa dala kuti mugulitse, ndi geni kuyambira choyamba chomwe.

Ndiye pali bambo wina wa kutchalitchi kwathu, dzina sinditchula koma akudziwa yekha ngati ali m'gulu muno. Iyeyu ndi amene ankatibweretsera katundu kuchokera kumudzi komanso kutitumizira ndalama. Munthu wolankhula ngati loya. Anandiuza pamaso pa anthu, tikumwa tiyi mapemphero atatha, kuti "mayi, musadandaule, mukapanda kudutsa zinthu 30 pachaka boma silikuonani, ndipo za pa WhatsApp si za msonkho." Ine n'kukhulupirira, poti ndi munthu wamkulu wovala tayi. Bodza lenileni! Nambala ya 30 ilikodi koma ndi ya nkhani ina. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, mapulatifomu ngati eBay, Vinted ndi Etsy amayenera kupereka ku HMRC mayina a ogulitsa amene agulitsa zinthu 30 kapena kuposerapo pachaka, kapena amene alandira zoposa €2,000, zomwe ndi pafupifupi £1,700. Umenewo ndi mzere woti pulatifomu ikunenereni. Mzere woti inuyo mudzinenere nokha ndi £1,000 ija, ndipo ilibe kanthu kuti ndalamazo zinabwera kudzera pa foni, kubanki kapena mu envelopu pa khomo la tchalitchi.

Kalata ya HMRC inandipeza nditangoweruka shifiti ya usiku. Envelopu yabulauni ija, mukuidziwa. Ndinaitsegula ndili chiimire m'khitchini, yunifolomu ndisanavule, ketulo ikuwira. Inali yaulemu bwinobwino, yongonena kuti ali ndi uthenga woti mwina ndinapeza ndalama pogulitsa zinthu pa intaneti, ndiye ndiunike ngati pali zoti ndiwauze. Koma miyendo inazizira. Ndinakhala pansi penipeni, pa matailosi, n'kuyamba kuganiza za mapepala anga okhalira kuno, za ana, za mayi kumudzi amene amadikira ndalama mwezi ndi mwezi. Tsiku limenelo sindinagone, usiku ndinabwereranso ku ntchito maso ali psuu.

Chimene chinandiliza kwenikweni si kalatayo koma sitetimenti ya kubanki nditaisindikiza. Masamba ndi masamba, zonse mu akaunti imodzi: malipiro a kuntchito, ndalama za zitenje, za chipeleganyu chathu cha anthu asanu ndi atatu, za chipepeso zimene ndinasonkhetsa pa maliro a mnzathu wina. Paliponse pangolembedwa dzina la munthu ndi £40, dzina ndi £100. Mayi mmodzi yemweyo ankanditumizira ya wigi lero, ya chipeleganyu sabata yamawa. Ndiuzeni, pakatha chaka ndi theka mungakumbukire kuti £100 iyi inali ya chiyani? Ndinakhala masabata atatu ndikufufuza mauthenga akale a pa WhatsApp mmodzimmodzi, ena anapita ndi foni imene inagwera m'madzi. Kuwonjezera apo, lipoti la pulatifomu limawerenga Januwale mpaka Disembala pomwe msonkho umawerenga Epulo mpaka Epulo, ndiye manambala awo ndi anga sankagwirizana mpaka nditawadula pa 5 Epulo.

Ndikupatseni masamu a chaka changa choipitsitsa, cha 2023/24, muone pamene ndalama zinathawira. Zolowa zonse zinakwana £6,400. Katundu ndinagula wa £3,100, kumubweretsa kuno £620, positi yotumizira makasitomala £410, zimene pulatifomu inkadula £170. Zotuluka zonse £4,300, phindu lenileni £2,100. Poti malipiro a kuntchito anali atadya kale £12,570 ija imene munthu salipirapo msonkho, phindu lonselo linagwera pa 20 peresenti. Ndikanakhala ndi mapepala onse ndikanalipira £420, nkhani n'kutha.

Koma mapepala analipo? Positi ndi za pulatifomu zinali pa sitetimenti, zimenezo zinalibe vuto. Mawigi ndinkagula ndi khadi, umboni unalipo. Koma ndalama zambiri za zitenje ndi zonyamulira ndinkapereka pamanja kwa bambo uja. £200 lero, £300 mwezi wamawa, iye n'kumuimbira munthu wake ku Blantyre kuti apereke makwacha kwa mng'ono wanga. Lisiti ngakhale limodzi. Nditamupempha kuti angondilembera kapepala kosonyeza zimene analandira, anasintha nkhope, akuti "mayi, musandilowetse m'nkhani zanu za boma." Nkhani zanga! Munthu amene anadya ndalama zanga zonyamulira zaka ziwiri, amene anandiphunzitsa yekha bodza la 30 lija. Mpaka lero timakumana Lamulungu, amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ine ndimangoti zikomo n'kudutsa. £1,400 yonse ndinalephera kuitsimikiza, ndipo ndi mantha amene ndinali nawo sindinafune kulemba chinthu chimene sindingachiikire umboni atandifunsa. Ndinalemba zotuluka £2,900, phindu n'kuoneka ngati £3,500, msonkho £700. Ndiye kuti £280 ndinalipira pa phindu limene sindinalionepo, chifukwa cha mapepala basi. Chilango chochedwa kudzinenera ndi chiwongoladzanja zinabwera pamwamba pake.

Pali njira ina yoti osawerenga zotuluka, mungochotsa £1,000 ija pa zolowa zonse n'kulipira pa zotsalazo. Simungachite zonse ziwiri, mumasankha imodzi. Kwa ine ikanakhala £5,400, msonkho £1,080, ndiye sinandithandize. Imakomera munthu amene zotuluka zake sizifika £1,000, monga woluka tsitsi kunyumba. Ife ogula ndi kugulitsa, katundu yekha amadya zambiri, ndiye malisiti ndiwo chuma chathu.

Zolemba zake si zapatali, kope la ana asukulu likwanira. Chinthu chikagulidwa lembani tsiku, chinthucho, amene wagula, ndalama zake, ndi njira imene walipirira. Lembani tsiku limene ndalama yalowadi, osati limene munthu walonjeza, poti ngongole za "ndikupatsani pakutha pa mwezi" mukuzidziwa. Kumbuyo kwa kopelo lembani zotuluka, ndipo lisiti lililonse mulijambule tsiku lomwelo chifukwa a ku positi amafufutika msanga. Katundu wa kumudzi ndiye samalani kwambiri: tumizani ndalama pa njira imene imakupatsani lisiti losonyeza mapaundi amene mwatumiza ndi makwacha amene afika, wokugulirani ajambule lisiti la kusitolo kapena alembe pa pepala kuti zitenje zingati pa mtengo wanji, ndipo ngati mwalipira kasitomu kapena VAT katundu polowa, pepala lakelo musataye. Wigi imene mwatenga kuti muvale nokha, kapena chitenje chimene mwapatsa apongozi, musachiike pa zotuluka za geni. Ndipo tsegulani akaunti ina yoti muzilandirira za malonda zokha. Chipeleganyu chisayandikeko ngakhale pang'ono.

Masiku oti muwagwire pamtima ndi awiri. Chaka chikatha pa 5 Epulo, muli ndi mpaka pa 5 Okutobala kuti mulembetse Self Assessment, njira yodzinenera nokha za msonkho, pa GOV.UK, akutumizirani nambala yotchedwa UTR. Kenako fomu ya pa intaneti ndi malipiro ake ndi pofika pa 31 Januwale. Mukachedwa ndi fomuyo ndi £100 pompo, ngakhale mutakhala kuti mulibe msonkho woti mulipire. Makope ndi malisiti musunge zaka zosachepera zisanu kuchokera pa 31 Januwale ameneyo, ndiye anga a 2023/24 ndikhala nawo mpaka Januwale 2030. Wina akuuzani kuti mzere unakwera kufika £3,000. Zimene boma linalengeza mu 2025 ndi zofuna kukweza mzere wodzazira fomu yonse ija, koma £1,000 yosalipira msonkho sinasunthe, ndiye musamve za m'maluwa. Ndipo amene muli pa viza ya sukulu, dziwani kuti simuloledwa kuchita bizinesi yanuyanu, imeneyo ndi nkhani ina yoopsa kuposa msonkho.

Ngati mwadutsa kale mzere zaka zam'mbuyo, pitani nokha asanakulembereni, chilango chimachepa mukadzinenera. Musaope, si zoti amanga munthu chifukwa cha zitenje, amene ndinalankhula nawo pa foni anandithandiza mwaulemu ndipo analola kuti ndizilipira pang'onopang'ono. Ngakhale ineyo kunena zoona ndinasiyiratu, mawigi anayi otsala ali m'katoni pamwamba pa wadiropu, sindifuna n'kuwaona komwe. Koma inu musasiye, geni ndi yabwino. Musamvere za anthu a kutchalitchi kapena a m'magulu ngati lino, aliyense amangoyankhula zimene anamva. Funsani munthu wodziwa. Ine amene anandikonzera zonsezi ndi mtsikana wina wa kwaya yathu yomweyo amene amaphunzira za maakaunti, ndinangomupatsa zitenje ziwiri.