Malipiro akwera, koma penshoni ndi tchuthi zapita

"Ndagwira zaka 4 mu ofesi yowerengera ndalama pakampani ina ku Limbe, ndimalandira K600,000 pamwezi. Abwana akuti ndilembe kalata yosiya ntchito, tisainirane kontirakiti yoti ndine wodziyimira pandekha, azindipatsa K700,000. Ndivomere?"

Bambo, kalatayo musalembe kaye. Tiyeni tione kumene K100,000 yoonjezerayo ithere.

Lamulo la penshoni limakakamiza bwana kukuikirani 10 peresenti ya malipiro anu, inu n'kumasonkha 5. Ngati K600,000 yonseyo ndi yomwe amawerengera penshoni, abwana amaika K60,000 mwezi uliwonse. Mukakhala wodziyimira panokha, imeneyo yatha, pamodzi ndi inshuwalansi ya moyo imene lamulo lomwelo limati akulipirireni. Kenako tchuthi. Lamulo la zantchito la 2000 limapatsa munthu wogwira masiku asanu pasabata tchuthi cholipidwa cha masiku 15 pachaka, zomwe kwa inu ndi ndalama pafupifupi K34,000 pamwezi. Ziwirizi zokha zadya K94,000. Mukadwala ndiye kulibe kanthu, pomwe panopa lamulo limakupatsani masabata 4 a malipiro athunthu ndi ena 8 a theka pachaka. Za msonkho ku MRA muzidzathamanga nazo nokha.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi zaka 4 zija. Kampani ikakuchotsani chifukwa chochepetsa antchito, imayenera kukupatsani malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse mwa zaka zisanu zoyamba. Kwa inu ndi masabata 8, kuposa pang'ono K1,100,000. Wosiya yekha ntchito salandira ndalama imeneyi, ndipo ndikukayikira kuti n'chifukwa chake abwana akufuna kalatayo ichokere m'manja mwanu. Ngati akufunitsitsa kusintha, auzeni athetse okha ntchito yanu molemba, alipire zonse, kenako mukambirane mtengo watsopano. Ine K700,000 sindingaivomere.

Dziwaninso kuti mutu wa pepala sindiwo umagamula mlandu. Lamulo la zantchito lija limawerengera ngati wolembedwa ntchito ngakhale munthu amene amadalira kampani imodzi pa chakudya chake, n'kumagwira mofanana ndi wantchito. Mukamafika nthawi yomwe abwana anena, kukhala pa desiki yawo, kugwiritsa kompyuta yawo, kupempha chilolezo musanachoke, popanda kasitomala wina aliyense, khoti likhoza kunena kuti ndinu wantchito basi. Koma kuti lifike pamenepo pamafunika umboni ndi nthawi, choncho sungani mapepala a malipiro, mauthenga a pafoni ndi makalata onse.

Akakuchotsani chifukwa chokana kusaina, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu pasanathe miyezi itatu. Zikalephereka kumeneko, nkhani imapita kukhoti la milandu ya zantchito, lomwe ku Blantyre lilipo.