Chithunzi chofwifwa cha 1974: mawu oyenera kulemba

"Zithunzi za ukwati wa agogo, umene unachitika ku Ulongwe mu 1974, zinatayika pamene tinkathawa nkhondo kupita ku Dedza. Ndikufuna kupanga chofanana nacho pa pulogalamu yopanga zithunzi ndi mawu, koma ndikalemba `old photo` chimatuluka chofiirira ngati cha nthawi ya makolo akalekale. Ndilembe chiyani?"

Achimwene, pulogalamuyo siidziwa kuti kale lanu ndi liti, motero imathamangira mtundu wa `sepia`, umene umakumbutsa zithunzi za m'ma 1800. Muyenera kuiuza chaka, dzina la filimu, ndiponso mmene pepalalo lakalambira.

Pa dzina la filimu ndi pamene ambiri amasocherera. Amalemba `Kodachrome` chifukwa ndi dzina lotchuka, koma filimu imeneyi, yomwe inayamba mu 1935 ndi kusiya kupangidwa mu 2009, inali ya zithunzi zoonetsa pakhoma ndi nyale, ndipo imadziwika ndi kusunga mitundu yake zaka zambiri ikakhala mumdima. Mukaitchula mupeza mitundu yowala kwambiri, yosiyana ndi zimene mukufuna. Ine ndikulangizani `Kodacolor II`, imene inatuluka mu 1972 ndipo zithunzi zake ankazitsukira papepala, monga zija timazipeza m'masutikesi a amayi athu.

Pepala lotere lili ndi utoto wa mitundu itatu, ndipo likasungidwa mumdima, makamaka kotentha ngati ku Tete mtauni, wobiriwira mwamtambo ndi umene kawirikawiri umayamba kutha. Zotsatira zake n'zakuti thambo limayera, masamba a mango amaoneka ngati owauka, ndipo suti yakuda ya mkwati imasanduka yofiirira ngati katondo. Ichi n'chifukwa chake simuyenera kungolemba kuti chithunzicho n'chofwifwa, koma mutchule utoto umene watha:

```
1974 wedding photo, Angonia Mozambique, Kodacolor II print,
faded cyan dye, red-orange shift, low contrast, soft focus,
yellowed white border
```

Chikatuluka, yang'anani kaye malo amdima, monga pansi pa khonde kapena pakhomo pa tchalitchi. Ngati pali bii ngati makala, chithunzicho sichinakalambe, choncho onjezani `lifted blacks`. Ngati chonse chasanduka mtundu umodzi, moti diresi ndi udzu sizikusiyana, mwabwerera ku vuto loyamba lija, ndipo lembani `color photograph` koyambirira. Mawu a `scratches` musawafulumire, pakuti pulogalamu imachulukitsa mikwingwirima mpaka nkhope zimaonongeka.

Yang'ananinso kumbuyo kwa anthuwo, chifukwa ine ndinapezapo mpando wapulasitiki ndi sola padenga m'chithunzi chimene chinkayenera kukhala cha nthawi ya Apwitikizi. Pomaliza, mukamakaonetsa achibale muwauze kuti n'chopanga, popeza nkhopezo sizidzakhala za agogo enieni.